Makhadi a Zwangendaba: momwe tinkadulira mutu wa buku ku Mchinji

Mwana amene sanasankhidwe kupita ku sekondale ya boma m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 njira yake inali ya MCC, kunena Malawi Correspondence College, imene boma linakhazikitsa mu 1965. Dzina linadzasintha kukhala MCDE, ndipo malo ophunzirirawo ndi amene anadzasanduka ma CDSS a masiku ano. Ine ndinaphunzitsa pa malo amodzi otere kuno ku Mchinji, m'dera la Angoni, pa nthawi imene njanji yochokera ku Lilongwe inkafika pa boma, cha m'ma 1980. Maphunziro ankabwera kuchokera ku Blantyre m'timabuku timene tinkati maseti, koma buku lenileni la mbiri ya kuno pakati pa Afrika linali losowa kwambiri. Limene tinali nalo linkagona m'kabati yokiya, ndipo mwana akalibwereka madzulo ankayenera kulibweza m'mawa, chifukwa mnzake anali atalemba kale dzina.

Mwana wopatsidwa buku usiku umodzi amachita chimene aliyense angachite: amakopera. Ankakhala pa koloboyi mpaka mafuta kutha, kusamutsa ndime ndi ndime kuchoka m'buku kulowa m'kope. Kenako ankawerenga kope lija kawiri, katatu, mpaka mawu onse kumaoneka ngati odziwika. Ukamufunsa buku ndi kope zili chotseka, ankayang'ana kudenga, milomo ikugwedera, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndikuchidziwa ndithu, koma chandithawa." Sankanama. Maso anali atazolowera tsamba, koma mutu unali usanayesepo kutulutsa yankho pawokha. Ntchito ya khadi inali kumuyesa zimenezo: funso patsogolo, yankho lobisika kuseri, ndipo sutembenuza usanayankhe.

Makhadiwo tinkadula tokha ndi lezala, aakulu ngati chikhatho cha mwana wa sukulu. Pepala la m'kope silinkathandiza, chifukwa ukaligwira pafupi ndi nyali, bolopeni ya kuseri inkaonekera ndipo mwana ankawerenga yankho osadziwa n'komwe kuti akubera. Tinkafuna chikatoni. Mabokosi a choko, makatoni a sopo a m'magolosale, zikuto za makope akale ndi makalendala otha chaka, zonsezi zinali chuma. Vuto la katoni ndi lakuti mbali imodzi imakhala ndi zolemba za eni ake, choncho tinkamatapo kapepala ndi phala la ufa wa chinangwa kapena wa chimanga. Waulesi amene ankangolemba pamwamba pa zithunzi za katoniyo ankadzipweteka yekha, ndipo ndifotokoza kutsogoloku momwe ankadzipwetekera.

Mutu umene ndimaukumbukira bwino ndi wa kubwera kwa Angoni, chifukwa ambiri mwa ana amene ndinkaphunzitsa anali a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, ndipo azibale awo anali tsidya lina la malire, ku Chipata kwa Mpezeni. Nkhani yake mwachidule ndi iyi. Zwangendaba Jere anachoka kum'mwera ndi anthu ake pothawa nkhondo za nthawi ya Shaka. Anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana. Anayenda mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kumene anamwalira pa mudzi wa Mapupo cha m'ma 1848. Atamwalira, mkangano wa ufumu unagawa mtundu. Gulu la M'mbelwa linadzakhala ku Mzimba, la Mpezeni linazungulira kumadzulo mpaka kudzakhazikika m'dera la Chipata, ndipo ena anatsala ku Tanzania komweko. Padera pa onsewa panali Angoni a Maseko, amene anayenda ulendo wawowawo ndipo ndiwo a Gomani a ku Ntcheu. Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo mwana wake Nsingo, amene anatsogolera nkhondoyo, anaphedwa. M'buku zimenezi zinkatenga masamba angapo.

Lamulo langa loyamba linali lakuti usiku wa buku, lezala ndi makhadi zikhale kutali kaye. Werenga mutu wonse kamodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, osalemba kanthu, kuti udziwe kumene nkhani ikuchokera ndi kumene ikupita. Mwana amene ayamba kulemba makhadi pa ndime yoyamba sadziwa chimene chili chachikulu, ndiye amalemba chilichonse. Amatha makhadi khumi pa tsamba loyamba lokha, akamafika pa imfa ya Zwangendaba tulo tamugwira ndipo chikatoni chatha. Ukawerenga kachiwiri ndi pamene umagwira pensulo, ndipo pa ndime iliyonse umadzifunsa kuti: ndikanakhala wolemba mayeso, pano ndikanafunsa chiyani? Ndime zina sizipereka funso ngakhale limodzi, zimangolumikiza nkhani. Zisiye. Ntchitoyi inali ngati kusankha mtedza wa mbewu m'lichero, wonyala ndi wosweka kuika pambali ngakhale nawonso ndi mtedza. Mutu wa masamba khumi ukatulutsa makhadi pakati pa 25 ndi 30, ndinkadziwa kuti mwanayo wasankha. Akandibweretsera 80, ndinkadziwa kuti wangokopera buku m'tizidutswa.

Tiyeni titenge chiganizo chimodzi, cha kuwoloka Zambezi chija. Mwana wongoyamba kumene ankalemba kutsogolo kuti "Zwangendaba", ndipo kuseri ankadzaza nkhani yonse: anali yani, anawoloka liti, pati, kunachitika chiyani, anafera kuti. Limenelo ndi kope laling'ono chabe. Kutsogolo kulibe funso, choncho sudziwa chimene ukufunsidwa. Ndipo ukakumbukira zinthu zitatu mwa zisanu, wakhoza kapena walephera? Ana onse ankadziweruza kuti akhoza, ndipo ziwiri zotsalazo zinkangoiwalika mpaka tsiku la mayeso.

Chiganizo chimenecho chinkabala makhadi atatu osiyana. Loyamba: Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi chaka chanji? Kuseri: 1835. Lachiwiri: anawolokera pafupi ndi malo ati? Kuseri: Zumbo. Lachitatu ndi limene ndinkalikonda, chifukwa mwana sangalilembe asanaganize: olemba mbiri amadziwa bwanji nthawi yeniyeni imene anawoloka, pamene Angoniwo sankalemba? Kuseri: kunachitika kadamsana, ndipo masiku a kadamsana amawerengeka. Khadi lachitatuli limagwira loyamba lija kuti lisagwe, chifukwa chaka chimene ukudziwa chifukwa chake sichithawa msanga. Makhadi enieniwo tinkalemba m'Chingerezi poti mayeso anali a m'Chingerezi, koma ndinkaumirira kuti yankho likhale m'mawu a mwanayo, osati a wolemba buku. Muyeso wa kufupika kwake unali mpweya. Yankho limene sungalimalize ndi mpweya umodzi ndi lalitali, ligawe.

Funso nalo lili ndi matenda ake. Lofala kwambiri ndi funso limene lili ndi mayankho olondola ambiri pamene kuseri kuli limodzi. Mtsikana wina analemba kuti, "Angoni anakhazikika kuti?" ndipo kuseri anaika Mzimba. Mnzake wa kwa Mlonyeni atafunsidwa khadilo anayankha kuti Chipata, n'kuuzidwa kuti walakwa. Mkangano wake unafika kwa ine.

"Aphunzitsi, iyeyu akuti agogo anga si Angoni."

"Ayi, Aphunzitsi, ine ndangowerenga zimene zili kuseri."

Ndinawauza kuti onse awiri akhoza, lolakwa ndi khadi. Tinaling'amba n'kulemba atatu m'malo mwake, lililonse lotchula gulu lake: la M'mbelwa, la Mpezeni, la Maseko. Kuyesa funso n'kosavuta. Mpatse mnzako amene wawerenga mutu womwewo. Akayankha china chimene bukulo likuvomereza koma chosiyana ndi chakuseri, funso lako ndi lotayirira, limange.

Matenda ena ndi funso lodzitengera yankho. "Ndi mwana uti wa Mpezeni, amene dzina lake limayamba ndi N, anatsogolera nkhondo ya 1898?" Pamayeso palibe amene adzakupatse chilembo choyamba. Chimodzimodzi mafunso a inde kapena ayi. "Kodi Zwangendaba anafera ku Ufipa?" Ngakhale amene sanaonepo buku angakhoze theka la mafunso otere pongoponya mwayi. Ndinkawaletseratu. Funso liyambe ndi ndani, liti, kuti, chifukwa chiyani kapena bwanji, kuti mwana atulutse yekha dzina kapena chifukwa.

Mayina ndi zaka zikuluzikulu tinkazifunsa mbali zonse ziwiri, pa makhadi awiri osiyana. Lina linkati: Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa chaka chanji? Linzake linkati: n'chiyani chinachitikira Angoni a Mpezeni mu 1898? Zimaoneka ngati kuwononga chikatoni, koma ndinaona ana ambiri amene ankatha kupereka chaka ukawapatsa nkhani, koma ukawapatsa chaka ankangoti kakasi. Wolemba mayeso angayambire mbali iliyonse imene wafuna.

Pa ngodya ya kuseri, mwana aliyense ankalemba nambala ya tsamba ndi pensulo. Chifukwa chake ndi chakuti buku likabwerera m'kabati, khadi ndilo limatsala likulankhula, ndipo khadi lonama limalowa m'mutu mofanana ndi loona. Chaka china mwana wina, chifukwa cha tulo, anatembenuza manambala n'kulemba 1853 m'malo mwa 1835. Anzake angapo anakopera khadilo kwa iye, ndipo onse ankayankha molimba mtima. Anachigwira ndi mnzawo amene anaika makhadi ake motsatana pa mphasa n'kuona kuti munthu womwalira cha m'ma 1848 sangawoloke mtsinje mu 1853. Tinatsegula tsamba limene linalembedwa pa ngodya, nkhani n'kutha pomwepo. Kuchokera apo, khadi lililonse la chaka linkayenera kuonedwa ndi munthu wachiwiri buku lisanabwezedwe.

Panalinso nkhani ina imene inkandipatsa maganizo. Ana a kuno ankabwera ndi mbiri yawo ya kunyumba. Mwambo wa Nc'wala, umene unaleka Angoni atagonjetsedwa, unayambiranso ku Mtenguleni mu 1980, ndipo ena mwa ana anga ankapita ndi makolo awo m'mwezi wa Febuluwale n'kubwerako ndi nkhani za Nsingo zimene m'buku munalibe, kapena zosiyana ndi za m'buku. Buku linkayang'ana nkhondoyo kuchokera ku Fort Jameson ndi ku Fort Manning, mayina amene Chipata ndi Mchinji zinkadziwika nawo nthawi ya atsamunda, pamene agogo ankaiyang'ana kuchokera m'mudzi. Ndinkawauza kuti kuseri kwa khadi alembe za buku, chifukwa wochonga mayeso ali ndi buku lomwelo, koma za agogo azilembe m'kope lapadera ndipo asazitaye. Khadi ndi lopapatiza, silinganyamule nkhani imene ili ndi mbali ziwiri, ndipo mwana ayenera kudziwa kuti limene lili m'manja mwake ndi yankho la mayeso.

Makhadi akatha kulembedwa, ntchito yachiwiri inali ya zitini. Mwana aliyense ankakhala ndi zitatu, za mkaka kapena za majarini. Makhadi onse atsopano ankayambira m'chitini choyamba, chimene chinkatsegulidwa tsiku lililonse. Ukakhoza khadi, linkasamukira m'chachiwiri, chotsegulidwa pakapita masiku atatu. Ukalikhozanso kumeneko, linkapita m'chachitatu, cha kamodzi pa sabata, nthawi zambiri Loweruka pobwera kudimba. Ukalephera khadi, ngakhale litafika kale m'chachitatu, linkabwerera m'choyamba popanda kuchonderera. Motero nthawi yambiri inkathera pa zimene zikukuvuta, osati pa zimene ukudziwa kale, pakuti mwana akasiyidwa yekha amakonda kubwereza makhadi osavuta chifukwa amamusangalatsa. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti mtolankhani wa ku Germany, Sebastian Leitner, anafotokoza njira ya mabokosi yotereyi m'buku lake la 1972, ndi kuti munthu wina wa dziko lomwelo, Hermann Ebbinghaus, anali atasonyeza kale mu 1885 kuti kuiwala kumathamanga kwambiri ukangomaliza kuphunzira, kenako kumachepa liwiro. Zikugwirizana ndi zimene tinkaona. Khadi lolembedwa Lolemba likapanda kufunsidwa Lachiwiri, pofika Lachisanu linkaoneka ngati analemba ndi munthu wina.

Kuyankha kunayenera kukhala kwa mokweza, kapena kolemba pansi ndi kamtengo, khadi lisanatembenuzidwe. Amene ankangoti mumtima "ichi ndikuchidziwa" n'kutembenuza, chitini chake chachitatu chinkadzaza msanga koma mayeso a m'kalasi ankamugwetsa. Chizindikiro china cha chinyengo chinali dongosolo. Makhadi akamafunsidwa motsatana chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, mwana amaloweza mndandanda wa mayankho: pambuyo pa Zumbo pamabwera Mapupo, pambuyo pa Mapupo pamabwera Mzimba. Ndinkangotenga mulu wake n'kuusakaniza, ndipo amene dzulo ankayankha ngati mvula lero ankachita chibwibwi. Apa ndi pamenenso waulesi uja wosamata kapepala ankagwidwira. Iye sankawerenga n'komwe funso. Ankangoona kuti khadi lokhala ndi chidutswa cha chithunzi cha sopo yankho lake ndi 1835, lothimbirira mafuta pa ngodya yankho lake ndi Nsingo. Ndikamufunsa funso lomwelo pakamwa, khadi lili m'thumba mwanga, ankasowa chonena. Mankhwala ake anali kufunsana awiriawiri, wofunsa atabisa khadi ndipo nthawi zina akusintha mawu a funsolo.

Ana ankakondanso kubwerekana makhadi, makamaka a mnzawo wanzeru amene wakhoza mayeso chaka chatha. Sindinkaletsa, koma ndinkaona kuti obwereka sankapindula ngati mwini wake. Mwini khadi anawerenga ndime, anasankha, anataya zina, anafupikitsa yankho, ndipo akaona funso amakumbukira tsamba lonse limene linachokera. Wobwereka amalandira "Mapupo" wopanda njira yofikira ku Mapupo. N'chifukwa chake timabuku ta mafunso ndi mayankho timene ndimationa tikugulitsidwa masiku ano pa Kamwendo ndi pa boma sitindisangalatsa kwenikweni. Tingathandize mwana amene wawerenga kale mutuwo kuti adziyese, koma ambiri amatigula kuti asawerenge. Mdzukulu wanga ali ndi makhadi a pa foni amene amadziwerengera okha tsiku lobweranso, ntchito ya zitini zija, ndipo imeneyo foni imaichita bwino kuposa ife. Koma ndinamufunsa kuti mafunsowo analemba ndani, ndipo anati anangowapeza.

Pali malo amene khadi limalephera, ndipo m'mutu wa Angoni malo ake anali funso lakuti: fotokozani zifukwa zimene Angoni ankagonjetsera mitundu imene anaipeza. Yankho lake ndi zinthu zingapo zolumikizana. Anali ndi nthungo yaifupi yobayira pafupi ndi chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe. Anyamata ankaikidwa m'magulu a nkhondo motsata misinkhu. Ankazinga adani mbali zonse ziwiri ngati nyanga za ng'ombe, monga ankachitira Azulu. Ndipo ogwidwa pa nkhondo sankatayidwa, ankalowetsedwa mu mtundu, moti gulu linkakula likamayenda. Kuika zonsezi kuseri kwa khadi limodzi n'kubwerera ku vuto lija la zitatu mwa zisanu. Tinkazigawa, chilichonse ndi funso lake: nthungo yaifupi inkaposa bwanji yoponya? Kuseri: siichoka m'manja, umabaya nayo kambirimbiri. Kulowetsa ogwidwa mu mtundu kunkathandiza chiyani? Kuseri: ankhondo ankachuluka. Koma mwana wodziwa makhadi anayi onsewa ankathabe kulemba ndime yosamveka, mfundo zili mbwee popanda chozimanga, chifukwa khadi limaphunzitsa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi pamene funso lofotokoza limafuna kuti china chitsogolere chinzake.

Choncho kukatsala masabata awiri kuti mayeso ayambe, zitini tinkazikhuthula. Mwana ankayala makhadi onse a mutu umodzi pa mphasa, mafunso ali pamwamba, n'kuwasanja yekha monga nkhani inayendera, kuyambira kum'mwera, kuwoloka Zambezi, Ufipa, kugawanika, mpaka 1898. Kenako ankaimirira n'kufotokozera anzake nkhani yonse, akuloza khadi ndi khadi osalitembenuza. Pamene ankakakamira pakati pa makhadi awiri, osadziwa kuti achoka bwanji pa imfa ya Zwangendaba kufika pa Mpezeni ku Chipata, tinkadziwa kuti pamenepo pali ndime imene sanaimvetse kapena funso limene sanalembe. Ameneyo ndiye ankapatsidwa buku usiku umenewo, kuti awerenge masamba okhawo olembedwa pa ngodya za makhadi awiriwo, ndipo m'mawa mwake ankalemba yankho la tsamba limodzi m'mphindi 20, mphasa itapindidwa.